Timawu Tosakula pa Mutu wa Nkhani ya Chingerezi

Buku loyamba la ndakatulo za Jack Mapanje, lomwe linasindikizidwa mu 1981, dzina lake limalembedwa chonchi: *Of Chameleons and Gods*. Mawu ake ndi anayi okha. Atatu ayamba ndi chilembo chachikulu, koma *and* wasiyidwa ndi zilembo zazing'ono zokhazokha. Wina angaganize kuti wasiyidwa chifukwa ndi wamfupi, komatu *Of* ndi wamfupi kuposa pamenepo, zilembo ziwiri basi, ndipo iyeyo wapatsidwa chachikulu. Buku la Ernest Hemingway la mu 1952, *The Old Man and the Sea*, ndiye limasokoneza koposa. Liwu loti *the* lilimo kawiri, koyamba ndi chilembo chachikulu, kachiwiri ndi chaching'ono. Mawu onse asanu ndi limodzi a dzinali ali ndi zilembo zitatuzitatu, koma anayi akuzidwa pamene awiri sanakuzidwe.

Kalembedwe kameneka eni Chingerezi amakatcha *title case*, ndipo aliyense wolemba m'chinenerochi amakumana nako: wophunzira wa kuyunivesite amene akulemba mutu wa kafukufuku wake, mlembi wa mu ofesi amene akukonza lipoti la pachaka, mtsikana wotayipira anthu makalata pa tauni, ngakhale wokonza pulogalamu ya ukwati. Ambiri amangochita mwa chizolowezi cha maso, kuti apa pakuoneka bwino, apa ayi. Ena amadina batani pa kompyuta n'kukhulupirira kuti ntchito yatha. Onsewa amalakwitsa pamalo amodzimodzi, chifukwa lamulo lenileni siliyang'ana kutalika kwa liwu poyamba. Limayang'ana ntchito imene liwulo likugwira pamalo pamene laikidwa.

Ntchito ya liwu ndiyo imalamula

Tonse amene tinaphunzira malamulo a chiyankhulo kusukulu tikukumbukira mitundu ya mawu: mayina, aneni, afotokozi, aonjezi, alowam'malo, aperekezi ndi alumikizi. Mitundu isanu yoyambirirayo ndiyo imasenza tanthauzo la mutu. Mutachotsa mawu ena onse n'kusiya okhawa, woweranga angathebe kudziwa kuti nkhani ikunena za chiyani. Mawu a mitundu imeneyi amayamba ndi chilembo chachikulu nthawi zonse, atalike kapena afupike.

Otsalawo ali ngati dothi lomangira pakati pa njerwa: popanda iwo khoma siliima, koma munthu akamayang'ana nyumba amaona njerwa. M'Chingerezi ali m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la timawu titatu tomwe Chichewa chilibe, *a*, *an* ndi *the*, timene timatsogolera dzina. Lachiwiri ndi la alumikizi amene amalumikiza zinthu zolingana, monga *and*, *but*, *or* ndi *nor*. Lachitatu ndi la aperekezi, monga *of*, *in*, *on*, *at*, *by*, *for* ndi *to*. Amenewa ndi amene amasiyidwa aang'ono.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Chingerezi chili ndi mawu ena aafupi kwambiri amene sali m'magulu atatuwa. *Is*, *am*, *be*, *do* ndi *go* ndi aneni. *It*, *he*, *we*, *my* ndi *us* ali m'gulu la alowam'malo. *No* ndi *not* nawonso si aperekezi kapena alumikizi. Onsewa amalandira chilembo chachikulu. Ndikamawerenga malipoti, cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri kuposa zonse ndi *is* wosiyidwa wamng'ono pakati pa mutu, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake: diso limamuona wofanana ndi *in*, kusiyana chilembo chimodzi chokha. Koma *is* ndi mneni, ndipo nthawi zambiri ndiye amene wagwirizira mutu wonsewo.

Pamwamba pa zimenezi pali lamulo lina limene limaposa onse, ndipo ndi limene likufotokoza dzina la buku la Mapanje. Liwu loyamba la mutu limakuzidwa, likhale la mtundu uliwonse. N'chifukwa chake *Of* wakuzidwa, ndipo n'chifukwa chake *The* woyamba wa Hemingway ndi wosiyana ndi mnzake wapakati. Mabuku ambiri a malamulo a kalembedwe amanenanso chimodzimodzi za liwu lomaliza. Cholinga chake n'choti mutu uoneke pamene wayambira ndi pamene wathera, usathe ngati wadulidwa panjira. Ndipo mutu ukakhala ndi zigawo ziwiri zolekanitsidwa ndi madontho awiri, gawo lachiwiri limatengedwa ngati mutu watsopano, choncho liwu lake loyamba limakuzidwanso.

Pamene akatswiri sagwirizana

Mpaka apa pafupifupi onse amavomerezana. Mkangano uli pa aperekezi, chifukwa si onse amene ndi aafupi. *With* ndi *from* ali ndi zilembo zinayi, *about* zisanu, *between* ndi *through* zisanu ndi ziwiri. Kodi liwu lalitali ngati *between* likhale laling'ono pakati pa mawu okuzidwa?

Palibe boma kapena bungwe limene limalamula kalembedwe ka Chingerezi padziko lonse. Chimene chilipo ndi mabuku a malamulo amene osindikiza mabuku, atolankhani ndi masukulu aukachenjede amatsata, ndipo otchuka ambiri ndi a ku Amereka, komwe kalembedwe kameneka kanazika mizu. Limodzi mwa akale ndi *The Chicago Manual of Style*, limene linayamba kutuluka mu 1906 kuchokera ku nyumba yosindikiza mabuku ya yunivesite ya Chicago. Kwa zaka zambiri bukuli linkanena kuti mperekezi ndi mperekezi basi, atalike bwanji, akhale wamng'ono. Buku la MLA, limene amatsata ambiri ophunzira za zinenero ndi zolembalemba, likadali ndi maganizo amenewa. Mbali inayo kuli buku la atolankhani a Associated Press ndi la APA, limene limatsatidwa kwambiri m'maphunziro a zaumoyo wa maganizo, zauphunzitsi ndi zachikhalidwe cha anthu. Awiriwa amawerenga zilembo: mperekezi kapena mlumikizi wa zilembo zitatu kapena zocheperapo akhale wamng'ono, wa zilembo zinayi kupita m'tsogolo akuzidwe.

Zotsatira zake n'zoti dzina limodzi limalembedwa pawiri, ndipo konseko n'kolondola. Buku la Margaret Mitchell la mu 1936 ndi *Gone with the Wind* kwa wotsata Chicago, koma ndi *Gone With the Wind* kwa mtolankhani wa Associated Press. Ngakhale a Chicago eniakewo anasintha maganizo. M'buku lawo la nambala 18, lotuluka mu 2024, anavomereza kuti aperekezi a zilembo zisanu kupita m'tsogolo azikuzidwa. Sewero la Shakespeare limene kale ankalilemba *Much Ado about Nothing* tsopano amalilemba *Much Ado About Nothing*, koma *with* wa zilembo zinayi uja akadali wamng'ono kwa iwo.

Ine ndimaona kuti kusinthaku kunali koyenera. Liwu lalitali losiyidwa laling'ono pakati pa mutu limaoneka ngati laiwalika, ndipo woweranga amaima kaye kudzifunsa ngati n'kulakwitsa. Komabe chofunika kwa wolemba si kusankha amene akulondola pakati pa mabukuwa. Chofunika n'kudziwa buku limene akutsata asanayambe ntchito, n'kukhala nalo mpaka tsamba lomaliza. Lipoti limene lili ndi *with* pa mutu wa gawo lachiwiri ndi *With* pa mutu wa gawo lachisanu ndi lolakwika kwa onse, a Chicago ndi a APA omwe. Wophunzira afunse mphunzitsi womuyang'anira, wolemba nkhani afunse mkonzi. Ndipo si mutu uliwonse wa Chingerezi umene umafuna kalembedwe kameneka. Nyuzipepala ya *The New York Times* imakuza mawu pa mitu ya nkhani zake, koma *The Guardian* ya ku Mangalande imalemba mitu yake ngati chiganizo wamba, kukuza liwu loyamba ndi mayina a anthu ndi malo basi. Ngakhale APA imafuna kuti pa mndandanda wa mabuku wa kumapeto kwa kafukufuku, mayina a mabuku alembedwe ngati chiganizo wamba, ngakhale kuti m'kati mwa nkhani amalembedwa mokuza mawu.

Tiyese mutu umodzi

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa mutu uwu wa lipoti lonena za mijigo ya m'midzi, wolembedwa mothamanga, ndipo mwauzidwa kuti muukonze:

```
the role of NGOs in the fight for clean water: a look at who steps in when the village's pump is broken
```

Mawu alipo 22. Njira yosavuta n'kuudutsa katatu, ulendo uliwonse ndi funso limodzi lokha.

Ulendo woyamba, kuzani chilembo choyamba cha liwu lililonse, osasankha. Musakhudze zilembo zina za m'kati mwa liwu. Zimenezi zikuteteza *NGOs*, amene zilembo zake zitatu zoyambirira n'zazikulu kale chifukwa ndi chidule cha mawu atatu, pamene *s* wakumapeto ndi wamng'ono chifukwa akungosonyeza kuchuluka.

Ulendo wachiwiri, funani timawu ta magulu atatu aja n'kutichonga ndi pensulo, osasintha kanthu kaye. Mupeza *The* katatu, *In* kawiri, ndiponso *Of*, *For*, *A* ndi *At* kamodzikamodzi. Onse pamodzi ndi 9. Onetsetsani kuti *Is* simunamuchonge, pakuti ndi mneni. *Who* nayenso ndi mlowam'malo. *When* amalumikizadi zigawo za chiganizo, koma sali m'gulu la *and* ndi *or*, ndipo Chicago ndi APA onse amamukuza.

Ulendo wachitatu ndi umene umafuna nzeru. Pa liwu lililonse lochongedwa, funsani zinthu ziwiri: laima pati, ndipo likugwira ntchito yanji? *The* woyamba waima poyambira mutu, choncho akhale wamkulu. *A* wabwera pambuyo pa madontho awiri, akutsegula gawo lachiwiri, nayenso akhale wamkulu. *Of*, *For*, *At* ndi ma *The* awiri apakati alibe chowateteza, onse atsike. Atsala ndi ma *In* awiri, ndipo awiriwa, ngakhale amalembedwa mofanana, si liwu limodzi.

Woyamba ali mu *in the fight*. Ameneyu ndi mperekezi weniweni, akuperekeza dzina limene likubwera patsogolo pake. Atsike. Wachiwiri ali mu *steps in*. Apa *in* sakuperekeza dzina lililonse. Wamamatira kwa mneni, ndipo awiriwa pamodzi akupanga tanthauzo latsopano, kulowererapo pa vuto. Mutamuchotsa, mneniyo atsala akunena za kuponda ndi phazi, osati kuthandiza. Chingerezi chili ndi aneni ambiri otere: *give up*, kugonja, *turn on*, kuyatsa, *put off*, kuzengereza. M'malo otere kaliwuko n'kachiwalo ka mneni, ndipo kamakuzidwa. Njira yodziwira n'kuyang'ana kutsogolo kwa kaliwuko ndi kumbuyo kwake. Ngati kakugwirana ndi dzina lotsatira, ngati mmene *in* akugwirira *the fight*, ndi mperekezi. Ngati kakugwirana ndi mneni amene watsogola, moti tanthauzo la mneniyo lingasinthe mutakachotsa, kakuzeni.

Mutu wokonzedwa ndi uwu:

```
The Role of NGOs in the Fight for Clean Water: A Look at Who Steps In When the Village's Pump Is Broken
```

Mwa timawu 9 tochongedwa tija, 6 tatsika ndipo titatu tatsala tokuzidwa, kalikonse pa chifukwa chakechake: malo oyambira, madontho awiri, ndi ntchito ya mneni. Mutuwu ulibe mperekezi wa zilembo zinayi kapena kuposerapo, choncho a Chicago, a MLA, a APA ndi a Associated Press onse angaulembe chimodzimodzi.

Zimene kompyuta imachita

Mutu ukakhala umodzi, dzanja ndi pensulo n'zokwanira. Koma pali anthu amene amakhala ndi mitu mazanamazana, monga wosunga mabuku amene akukonza kaundula, kapena mlembi amene walandira mndandanda wa maphunziro onse a pa koleji. Mwachibadwa munthu amafuna kuti makina amuthandize, ndipo amathandizadi, bola kudziwa polekezera pake.

Mu Microsoft Word muli batani lolembedwa `Aa`, ndipo mukalidina limakupatsani zosankha zingapo, kuphatikizapo `Capitalize Each Word`. Njira yachidule ndi `Shift+F3`, imene imasinthasintha kakulidwe ka zilembo mukamaidina mobwereza. Dzina la chosankhacho likunena zoona zake: chimakuza liwu lililonse. Sichidziwa *of* kapena *the*. Chimangokuchitirani ulendo woyamba wokha mwa maulendo atatu aja, ndipo enawo ndi anu.

Mu Excel muli `PROPER`, ndipo imeneyi imafuna kusamala kwambiri. Mutaika mutu wathu uja mu bokosi A1 n'kulemba `=PROPER(A1)`, mulandira izi:

```
The Role Of Ngos In The Fight For Clean Water: A Look At Who Steps In When The Village'S Pump Is Broken
```

Kupatula timawu tokuzidwa molakwika, pabadwa zilema ziwiri zatsopano zimene panalibe poyamba. *NGOs* wasanduka *Ngos*, chifukwa `PROPER` imatsitsa zilembo zonse zimene sizili poyambira liwu. Ndipo *village's* wasanduka *Village'S*, chifukwa kwa `PROPER` liwu latsopano limayamba paliponse pamene chilembo chatsatana ndi chinthu chimene si chilembo. Kachizindikiro kolendewera m'mwamba kaja imakatenga ngati mpata.

Chilema chachiwirichi chimatikhudza ife olemba Chichewa kuposa eni Chingerezi, chifukwa kachizindikiroko tili nako paliponse. Mndandanda wa mayina ukadutsa mu `PROPER`, *ng'ombe* amatuluka ali *Ng'Ombe*, *m'mudzi* ali *M'Mudzi*, *Mang'anja* ali *Mang'Anja*. Mukaona chikalata chosindikizidwa chili ndi chilembo chachikulu pakati pa dzina, kutsogolo kwa kachizindikiroka, dziwani kuti mwina dzinalo linadutsa m'makina otere popanda woliyang'ananso. Zimandipweteka ndikaona dzina la munthu litapunduka chonchi pa satifiketi, chifukwa mwini wake adzayenda nalo pepalalo moyo wake wonse. Kunena za mitu ya Chichewa, osindikiza athu akhala akutsata nzeru yofananayo pa mayina a mabuku: *Kukula ndi Mwambo* la John Gwengwe, *Mbiri ya Achewa* la Samuel Ntara. Timawu ngati *ndi*, *ya*, *wa*, *la*, *pa* ndi *ku* timasiyidwa tating'ono. Koma mapulogalamu okonza mitu anapangidwira Chingerezi, ndipo satidziwa timawu tathuti pokhapokha munthu atawauza.

Tibwerere ku Excel. Timawu tokuzidwa molakwika tingathe kutsitsidwa pokulunga `PROPER` m'kati mwa `SUBSTITUTE`, imene imafuna mawu ena n'kuikapo ena:

```
=SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(PROPER(A1)," Of "," of ")," The "," the ")
```

Chinsinsi chili pa mipata imene yasiyidwa kumbuyo ndi kutsogolo kwa kaliwu kalikonse. Popanda mipatayo, Excel ikanapeza *Of* m'kati mwa *Office* ndi *The* m'kati mwa *Theory*, n'kuwononga mawu osalakwa. Mipata yomweyo imatetezanso liwu loyamba la mutu, chifukwa kumbuyo kwake kulibe mpata, ndi lomaliza, chifukwa kutsogolo kwake kulibe mpata. Vuto n'loti kaliwu kalikonse kamafuna `SUBSTITUTE` wakewake, moti mndandanda wa timawu khumi ndi tisanu umabala fomula yaitali yovuta kuwerenga. Komanso kaliwu kobwera pambuyo pa madontho awiri kali ndi mpata mbali zonse, choncho nakonso kamatsitsidwa ngakhale kamayenera kukhala kokuzidwa.

Amene amadziwa kulemba mapulogalamu amatha kupita patsogolo pang'ono. Mu 2008 John Gruber, wolemba za makompyuta wa ku Amereka, anatulutsa kapulogalamu kotchuka kogwira ntchito imeneyi m'chinenero cha Perl, ndipo anthu ambiri anakamasulira m'zinenero zina za makompyuta. Nzeru yake yaikulu inali yosavuta: sunga mndandanda wa timawu, teteza liwu loyamba ndi lomaliza, ndipo liwu limene lili kale ndi chilembo chachikulu m'kati mwake ulisiye mmene lilili. Nachi chitsanzo chachifupi cha maganizo omwewo mu Python, imene nayonso njira yake yokonzeratu, `title()`, ili ndi chilema chija cha *Village'S*:

```python
ANGONO = {"a", "an", "the", "and", "but", "or", "nor",
          "for", "of", "in", "on", "at", "to", "by"}

def konza(mutu):
    mawu = mutu.split()
    for i, liwu in enumerate(mawu):
        poyamba = i == 0 or mawu[i - 1].endswith(":")
        pomaliza = i == len(mawu) - 1
        if liwu[1:] != liwu[1:].lower():
            continue
        if liwu.lower() in ANGONO and not (poyamba or pomaliza):
            mawu[i] = liwu.lower()
        else:
            mawu[i] = liwu[0].upper() + liwu[1:]
    return " ".join(mawu)
```

Simukufunika kudziwa Python kuti mumve zimene zikuchitika. Pulogalamuyi ikudula mutu pa mipata pokha, n'chifukwa chake *village's* akukhala liwu limodzi. Kenako ikutenga liwu lililonse n'kufunsa mafunso atatu motsatana. Kodi lili ndi chilembo chachikulu m'kati? Ngati lili nacho, lisiye, ndipo apa *NGOs* wapulumuka. Kodi lili pa mndandanda wa timawu, ndipo silili poyambira, pomalizira kapena pambuyo pa madontho awiri? Litsitse. Ngati zonsezi ayi, kuza chilembo chake choyamba chokha.

Mukaipatsa mutu wathu, ikhoza mawu 21 mwa 22. Limodzi lolakwikalo ndi *in* wa *steps in*, amene imutsitsa chifukwa ali pa mndandanda. Ndipo palibe mmene mungakonzere mndandandawo kuti vutoli lithe. Mukamuchotsapo *in*, wa *steps in* akhala bwino koma wa *in the fight* alakwika. Mndandanda umadziwa kalembedwe ka liwu, koma ntchito ya liwu imadziwika pokhapokha munthu atamva tanthauzo la chiganizo chonse.

Pali misampha inanso ya mtundu womwewu. Lipoti la zaumoyo lonena za *Vitamin A Deficiency* lidzatuluka lili *Vitamin a Deficiency*, chifukwa pulogalamu siingasiyanitse *A* amene ndi dzina la vitamini ndi *a* wotsogolera dzina. Chimodzimodzi *Hepatitis A* kapena *Grade A* akakhala pakati pa mutu. Mayina a sayansi a zomera ndi nyama ali ndi lamulo lawolawo: chimanga ndi *Zea mays*, ndipo a Chicago amasiya liwu lachiwirilo laling'ono ngakhale pa mutu, pamene pulogalamu idzalikuza. Liwu loyamba ndi chizindikiro cha mawu ogwidwa nalonso silikuzidwa ndi kapulogalamu kali pamwambaka, chifukwa chimene chaima poyamba si chilembo.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuti ntchito ikatuluka m'makina, munthu aidutsemonso kamodzi, koma mwanzeru, osati kuwerenga zonse ngati nthano. Yang'anani mawu aafupi okha, a zilembo zinayi kutsika m'munsi, pakuti zolakwa zambiri zimabisala m'menemo. Yang'anani liwu lililonse lobwera pambuyo pa madontho awiri. Yang'anani zidule za mayina a mabungwe, ndi liwu lililonse lokhala ndi kachizindikiro kolendewera kaja. Ngati chikalatacho chili ndi tsamba la zam'katimu, yambirani pamenepo, chifukwa mitu yonse imaima pamzere umodzi ndipo kusagwirizana kumaonekera msanga.

Vuto lalikulu kwambiri limabwera pamene mutu walembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha, monga mmene ambiri amakondera kulembera mitu m'maofesi. Kapulogalamu kathu kadzausiya osaukhudza, poganiza kuti liwu lililonse ndi chidule. Mukayamba mwautsitsa wonse kuti kagwire ntchito, zidule zenizeni zimatsikira limodzi ndi mawu wamba. Pa mutu wa zilembo zazikulu zokhazokha, *WHO* akhoza kukhala mlowam'malo kapena bungwe la zaumoyo padziko lonse, *US* akhoza kukhala "ife" kapena dziko la Amereka, *IT* akhoza kukhala mlowam'malo kapena nthambi ya zamakompyuta. Kusiyanitsako kunatayika pa nthawi imene mutuwo unkatayipidwa. Pamenepa chimene chingathandize n'kuwerenga ndime yoyamba ya nkhaniyo kuti mudziwe chimene wolemba amatanthauza, ndipo ngati sizikumvekabe, kumufunsa mwini wakeyo. Ngati inu ndinu wotayipa ndipo mukufuna mutu uoneke ndi zilembo zazikulu zokhazokha, ulembeni kaye bwinobwino, kenako musankhe `All caps` pa bokosi la `Font` mu Word. Njira imeneyi imangosintha maonekedwe, pamene kalembedwe kenikeni kamasungika pansi pake, ndipo amene adzafune kuukonza mutuwo mtsogolo adzaupeza *NGOs* akadali *NGOs*.